Chipinda cha Bambo Tepi chinali m'paseji

Anzawo ankawatcha Bambo Tepi, chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'thumba la malaya awo. Anabadwa pa 14 Malichi 1951. Anagwira ntchito yojambula mapulani a nyumba kwa zaka 31, n'kupuma pa 30 Juni 2009. Anajambulira anthu nyumba zambirimbiri, koma iwo yawo analibe. Akazi awo atamwalira pa 2 Febuluwale 2016, mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anawalonjeza kuti akamanga adzakhala nawo.

Pa 8 Meyi 2017 mwanayo anabwera ndi pulani imene anajambula ndi mwamuna wake. Anaiyala patebulo akuyang'ana kumbali.

"Bambo, puloti ndi yaing'ono. Zipinda zogona zangokwana ziwiri, chathu ndi cha ana. Inu mwina muzigona pabalaza kaye."

Mawu akuti "kaye" anawalasa mtima, koma anangovala magalasi. Pakati pa nyumbayo panadutsa paseji kuchokera kukhomo lakumapeto mpaka kukhoma linalo, zipinda zitandanda uku ndi uku.

"Iwe, ukumanga nyumba kapena wodi ya kuchipatala? Machira a odwala azidutsa muno?"

Mkamwini anaseka chikhakhali. "Ndinanena ine, apongozi!"

"Inu khalani chete, bambo a ana," anatero namwinoyo. "Mumafuna aliyense aziona khomo la bafa ali pabalaza?"

Bambo Tepi anatenga pensulo. Pasejiyo inali mamita 11 m'litali, mita ndi masentimita 20 m'lifupi.

"Masikweya mita 13 ndi kanthu awa. Mudzafolera, mudzaika simenti, mudzasesa, koma simudzagonamo munthu. Ngakhale mpando simungaikemo."

Khomo lolowera analichotsa kumapeto n'kuliika pakati, kuti munthu akalowa afike pabalaza pomwepo. Mbali imodzi ya balaza anaikako khitchini. Mbali inayo anasiya kapaseji ka mamita awiri okha, makomo atatu ataunjikana pamenepo: chipinda cha makolo, cha ana, ndi bafa lobisika bwinobwino pakona. Makomo otulukira pabalaza anawandandika kufupi ndi khoma limodzi, kuti odutsa asamadule pakati pa mipando. Makoma akunja sanawasunthe ngakhale pang'ono.

Malo amene anapulumuka anawasonkhanitsa pafupi ndi khitchini: mamita atatu m'lifupi, atatu ndi masentimita 60 m'litali. Anajambulapo zenera, koma dzina la chipindacho sanalembe. Anachita manyazi. Mwana wawo anawalanda pensulo n'kulembapo yekha: "Agogo."

Analowa m'nyumbamo pa 21 Disembala 2018. Bedi, tebulo lojambulira ndi kabati zinakwana m'chipinda cha Agogo chija. Masiku ano oyandikana nawo akafuna kumanga amayamba abwera ndi mapepala awo, ndipo mkamwini ndi amene amawalandira pakhomo.

"Ngati muli paseji yaitali, konzekani," amatero. "Apongozi akutsegulani maso."