Katambula ka malume

Bambo a ana angawa si chidakwa, koma tsiku limene anabwera kwathu ku Ngala kudzaonekera kwa malume, ukwati unatsala pang'ono kutha usanayambe, chifukwa cha katambula kamodzi ka kachasu.

Ananyamuka ku Benga m'mamawa ndi mkulu wawo. Minibasi itaima pa Dwangwa, mkuluyo anakhwasula tchipisi ndi nyama yonona mpaka kumasula lamba. Wangayo? Mantha! Ngakhale tiyi anakana, ati angathimbiritse shati.

Kwathu mpunga wa alendo otere sutuluka nkhani isanathe. Koma malume anali ndi kamwambo kawo: wofunsira mwana wa mlongo wawo ankamuthirira katambula, ati aone khalidwe lake. Anathirira onse awiri mofanana. Mkulu uja anangokhala phee, kumayankha mafunso mwaulemu. Posakhalitsa wangayo maso psuu, anaimirira n'kugwira malume paphewa.

"Achimwene, mtsikanayu ndimamukonda kuposa njinga yanga!"

Mayo ine! Ndinali kuseri kwa chitseko, manyazi atandigwira, mkwiyo ndiye wosanena. Alendo atapita, malume anagamula: "Chidakwa pakhomo pano ayi."

Nthawiyo n'kuti ndili kusukulu ya unamwino, ndiye pakamwa panga sipankasowa chonena. Ndinagwada bwinobwino, koma mawu anatuluka otentha.

"Malume, munthuyu sanadye chiyambire dzulo! Mowa umalowa kwambiri m'magazi ukafika m'matumbo. M'chifu mukakhala chakudya, khomo lakumunsi limatsekeka kuti chigayike kaye, mowa n'kumadutsa pang'onopang'ono, chiwindi n'kumauchotsako. Mukakhala mopanda kanthu, umangodutsa wonse nthawi imodzi. Chakudya sichiupha mowawo ayi, chimangouchedwetsa."

"Zakusukulu izo," anatero malume. "Ine katambula aka ndamwa zaka zonsezi, unandionapo ndikudzandira?"

"Inu mumamwa mutadya kondowole ndi kampango. Tayesani mawa musanalawe kanthu."

Amayi anandiyang'ana ndi diso loti nditseke pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

Malume anali munthu wamakani. M'mawa mwake anakana phala, anakhala pakhonde n'kugugudiza katambula kawo ine ndikusesa pabwalo. Anayamba kusoka ukonde wawo monyadira, atauyala pamiyendo. Sipanapite nthawi, ndinamva akuimba nyimbo ya kwaya, munthu amene kutchalitchi ankangogwedeza milomo. Atati aimirire, anapeza kuti asokera ukonde kuthalauza, ndipo anabwerera pansi, phi!

Sindinaseke. Ndinaluma chitenje, misozi ili chuchuchu, koma sindinaseke. Ndinadula ulusiwo, n'kuwasiya agone mpaka masana.

Atadzuka anandiitana, osandiyang'ana kumaso.

"Iwe, uja wa ku Benga umuuze abwerenso Loweruka."

"Zikomo, malume."

"Koma akadzangomva za ukondezi, ukwati watha."

Ndinasunga pakamwa zaka zonse zimene malume anali moyo. Anatisiya chaka chatha, ndipo amene ananyamula bokosi lawo kutsogolo anali chidakwa chawo chija, chikulira kuposa tonse.