Lipoti Limene Ndinakana Kulembanso

Munthu amene anandichotsetsa sukulu ndi aphunzitsi athu a sayansi a ku Fomu 3. Sanandimenye, sanandibere kanthu. Anangofuna kuti ndilembe ndi dzanja langa kuti maso anga ananama, pamene cholakwika chinali m'botolo lawo. Dzina lawo sinditchula. Abale awo ena timakumana nawo pamsika ndipo moni timapatsana.

Kunali m'dzinja. Kuno ku Nkhotakota nyengo imeneyo mchere umalira wokha m'mbale, machesi amakana kuyaka, malaya ochapa Lolemba amafika Lachitatu akununkha chinyezi. Sabata imeneyo ntchito yosesa mu labu inagwera ine ndi mnzanga amene tinkakhala benchi imodzi, mnyamata wofatsa wa ku Dwambazi. Lachitatu masana aphunzitsi anatiuza kuti titsale tiwanyamulire mabotolo, poti ankakonza mankhwala a taitireshoni ya mawa lake.

Anatsitsa botolo la kositiki soda pa shelefu. Chivindikiro chake chinali chong'aluka, atachimanga ndi pepala ndi mphira. Soda ameneyu amayenera kukhala timibulu toyera, touma gwa. Uyu anali wonyezimira, atagwirana ngati shuga wogwera madzi. Anamukumba ndi supuni, nayeza magalamu asanu ndi atatu pa sikelo, nasungunula m'malita awiri a madzi, nalemba pa botolo kuti mphamvu yake ndi 0.100 M.

"Sala, si wonyowa ameneyu?" ndinafunsa.

"Iwe wabwera kudzanyamula kapena kudzaphunzitsa?"

Mnzanga uja anandiponda phazi. Ndinapitiriza kunyamula mabotolo.

Lachinayi tinalowa mu labu. Ntchito inali yopeza mphamvu ya asidi wa haidirokoloriki pogwiritsa ntchito soda uja, amene mphamvu yake akuti inali yodziwika. Anyamata a Fomu 4 anali atatiuza kale ku hositelo kuti asidi wolowa amakhala mamililita 25, chaka chilichonse ndi 25, ngakhale ugone pa benchi.

Ine ntchito imeneyi ndinkaikonda, ndipo ndi malo okhawo amene manja anga ankadekha. Ndinatsuka byureti, chubu chagalasi cha manambala chodonthezera asidi, ndi madzi, kenako ndi asidi yemweyo, ndikuidzaza, ndikutulutsa kamphepo kobisala kumusi kwa mpopi. Pipeti, kachubu kotungira, ndinaitsuka ndi soda, ndikutunga mamililita 25.0 kuthira mu fulasiki. Madontho awiri a fenofutalini, mankhwala osintha mtundu, madzi aja anasanduka apinki ngati diresi la mwana pa Idi. Mnzanga anayala pepala loyera pansi pa fulasiki. Ndinatsegula mpopi ndi dzanja lamanzere, lamanja likuzunguza fulasiki, asidi akudontha mpaka pinki uja azimirire.

Mtundu unazimirira tisanafike ndi pa 22 pomwe.

"Wathamanga," anatero mnzanga.

"Kuthamanga kumapyoletsa, sikuperewetsa. Dzaza tibwereze."

Tinabwereza katatu, chakumapeto dontho limodzilimodzi, diso lili pa mzere weniweni wa madzi. Mabenchi ena nawonso ankanong'onezana. Ndinamva wina kumbuyo akuti, "Ingotsegula mpaka 25, akuona ndani?" Mu fulasiki mwake munali moyera kale ngati madzi a pa mjigo, iye akuthirabe asidi.

Lipoti tinkalemba m'Chingerezi, m'kope la chikuto cholimba, ndipo aphunzitsi anatichenjeza kuti likhale laukhondo chifukwa oyendera sukulu ochokera ku unduna abwera sabata yamawa ndipo adzaona makope amenewa. Ndinalilemba Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa hositelo. Cholinga, zipangizo, njira imene tinatsata, zonse mwa ndondomeko. Kenako tebulo la zotsatira, lojambula ndi rula. Manambala ake ndimawadziwa mpaka lero kuposa tsiku limene ndinabadwa.

Koyesera: kuyambira 0.00, kuthera 21.90, asidi wolowa 21.90
Koyamba: kuyambira 0.00, kuthera 21.40, asidi wolowa 21.40
Kachiwiri: kuyambira 21.40, kuthera 42.90, asidi wolowa 21.50
Kachitatu: kuyambira 0.50, kuthera 21.90, asidi wolowa 21.40

Koyesera kaja sakawerengera. Atatu enawo pakati pake ndi 21.43. Asidi ameneyu ndi soda amathana mmodzi kwa mmodzi, ndiye 0.100 kuchulukitsa ndi 25.0, kugawa ndi 21.43, kunatuluka 0.117 M. Aphunzitsi anali atalemba pa bolodi pomaliza kuti asidi wawo ndi 0.100 M. Kusiyana kwake 17 pa handiredi iliyonse.

Ndinafika pa gawo lofotokoza zimene zingakhale zitalakwika. Pamenepa ana asukulu amangolemba nyimbo yomweyo, yakuti mwina diso linapendekeka, mwina dontho linapitirira. Ine ndinati ndiziyese chimodzichimodzi. Kuwerenga byureti kungaphonye ndi 0.05 kumwamba ndi 0.05 kumusi, zonse 0.1, chomwe ndi ngati theka la imodzi pa handiredi. Kupitiriza dontho kukanakweza nambala, osati kuitsitsa. Madzi otsalira mu byureti akanafooketsa asidi, nambala n'kukweranso. Pipeti ndinaitsuka ndi soda, choncho sinasungunule kanthu. Ndipo maulendo atatu anagwirizana, kusiyana 0.1 yokha. Dzanja lonjenjemera silimaphonya mofanana katatu. Cholakwika chinali chokhazikika, cha m'botolo: kaya asidi anali wamphamvu kuposa mmene ananenera, kaya soda anali wofooka.

Ndiye ndinalemba zimene ndinaona. Ndinati soda anali atamwa chinyezi asanayezedwe, kotero gawo lina la magalamu asanu ndi atatu aja linali madzi. Ngati asidi analidi 0.100 M, soda anali cha m'ma 0.086 M. Pomaliza ndinati yankho langa ndi 0.117 M, koma lisakhulupiriridwe mpaka mphamvu ya soda itayesedwanso. Ndinawerenga kawiri. Ndikunena zoona, ndinkaganiza kuti anditamanda.

Lachiwiri aphunzitsi anabwera ndi makope m'kalasi. Anagawa onse, langa anatsala nalo m'manja.

"Tili ndi pulofesa muno," anatero. "Anzake khumi ndi asanu ndi anayi apeza 24.9, 25.0, 25.1. Iye yekha wapeza 21, ndipo wolakwa ndine."

Anawerenga gawo lija mokweza, akutafuna mawu anga mmodzimmodzi. Kalasi inaseka, ngakhale aja anathira asidi mu fulasiki yoyera kale.

Ndinaimirira. "Sala, tiyeni ku labu tikabwereze pamaso pa onse."

"Mankhwala otsala sitisunga. Ndinataya."

"Ndiye funsani uyu. Tinali limodzi, soda anamuona."

Anatembenukira kwa mnzanga. "Iwe, unapeza zingati?"

Iye anayang'ana pa desiki. "25.0, sala."

"Soda wonyowa unamuona?"

"Sindikukumbuka, sala."

Mtima wanga ndi wapachala, chibadwire, sindibisa. Belu litalira ndinamupeza mnzanga uja pa khonde ndikumumenya chibakera pakamwa. Sanabwezere. Anangogwira mlomo, magazi akutsikira pa malaya oyera, n'kunena kuti, "Ise kwathu tilipo asanu ndi awiri, amene ali pasukulu ndine ndekha." Chibakera chimenecho ndimamva nacho chisoni mpaka pano. Zinazo ayi.

Ahedi anandipatsa kalata yoti ndikaitane kholo. Ababa anali telala, makina awo ali pa khonde la sitolo ina m'tauni. Anavula magalasi, ine ndikuwawerengera kalatayo ndi kuwafotokozera za lipoti lija, iwo akupotokola ulusi pa chala.

"Pa mtundu wathu wonse wosankhidwa kupita ku sekondale ndiwe," anatero. "Mankhwalawo ndi ako? Botolo ndi lako?"

"Koma ababa, ndinaona ndi maso."

"Anthu amaona zambiri masiku ano, amangopita kukagona. Subira, pirira mwana wanga. Ukalembe zimene akufuna."

Lachinayi m'mawa tinayenda wapansi mvula ikuwaza, iwo atavala mkanjo wawo wa Lachisanu ndi kofia. Mu ofesi munali ahedi kuseri kwa tebulo, ndi aphunzitsi a sayansi atakhala pambali, kope langa lili pamiyendo pawo. Ababa anakana mpando kawiri, kachitatu anakhala m'mphepete mwake.

Ahedi sanali munthu woipa. Analankhula motsitsa. Anati za ndewu ndikumba dzenje la zinyalala, nkhani itha. Koma lipoti ndi nkhani ina. Oyendera sukulu afika mawa, ndipo kope lonena kuti mphunzitsi sadziwa kukonza mankhwala silingakhale pa mulu. Anatikumbutsa ngodya zinayi zimene dziko linaimapo, n'kutsindika pa kumvera ndi kusunga mwambo. Masiku amenewo mawu amenewo akatchulidwa mu ofesi, munthu unkayamba wayang'ana ku zenera.

"Tsamba ili tiling'amba," anatero. "Ulembe lina pompano. Tebulo likhale ngati la anzako, ndipo pa zolakwika unene kuti poyamba unawerenga byureti molakwa. Ukatero ubwerera m'kalasi. Ukakana, katundu wako atuluke mu hositelo lero."

Anandikankhira cholembera. Ababa anandigwira bondo pansi pa tebulo. 

Ndinachitola cholemberacho, sindinama. Ndinalemba deti, ndinalemba mutu, ndinayamba kujambula mizere ya tebulo. Ndinkadziwa chimene chikundidikira kunja: kukoka makoka, kuyanika usipa pa thandala, kumene ndakhaladi zaka zonsezi. Ndinkati ndi nambala chabe, itha mphindi zisanu.

Kenako aphunzitsi a sayansi anatsamira kwa ababa, akumwetulira.

"Musadandaule, bambo. Mwana wanu si woipa, kungoti sayansi imafuna maso. Enawa manja awo anazolowera nkhafi."

Ababa anati, "Zikomo, aphunzitsi, mutikhululukire," n'kuwerama mutu, munthu wa imvi, kwa mwamuna amene akanatha kukhala mwana wawo.

Ndinaika cholembera pansi. Ababa anandifinya bondo, ine ndinachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono ndikuimirira. Ndinayang'ana aphunzitsi a sayansi m'maso.

"Sala, inu mukudziwa kuti soda uja anali wonyowa. N'chifukwa chake munathamangira kukamutaya. M'kalasi monse muja amene anawerenga byureti ndine ndekha, enawo anawerenga nkhope yanu. Mukuopa anthu a mawawo kuposa mmene ine ndikuopera kupita kwathu. Tebulo limenelo dzazani nokha, dzanja lanu linazolowera. Ndipo bambo angawa musadzawalolenso kukupepesani, sanakulakwireni kanthu."