Nkhope yopakidwa chikasu

A tcheyamani a mphakati wathu ndinawadziwa m'zaka za m'ma 1990, tikuimba limodzi kwaya kutchalitchi cha ku boma la Chadiza. Malemu mkazi wanga sankawakonda. Ankati munthuyo akapereka nkhuku kwa ansembe amaitsina kuti ilire. Ine ndinkamuletsa kuweruza, ndipo ndinakhala ndikumuletsa mpaka tsiku limene tinamuika m'manda. Zimene zinandisintha maganizo zinachitika pambuyo pake, mafoni ojambula atafika kwathu.

Mu mphakati wathu munali mayi wina wachitsikana wa ana awiri, amene mwamuna wake ankamumenya. Atamuthyola dzanja, tinagwirizana mwakachetechete zomuthawitsira kwa azakhali ake, mphunzitsi wa ku Pembamoyo. Mwamunayo sankadziwa kumene wapita, ndipo tinalonjezana kuti asadziwe. A tcheyamani anadzipereka kutumiza thandizo la sopo ndi mankhwala ku nambala ya azakhaliwo. Anatumizadi. Zimenezo sindingawakanire.

Koma chaka chimenecho kunali chisankho cha komiti ya parishi, ndipo a tcheyamani ankapikisana nawo. Lachiwiri m'mawa ndikusenda mtedza pakhonde, foni inalira. Pagulu la pafoni la parishi yonse a tcheyamani anali ataika zithunzi ziwiri zojambula pafoni yawo, ndi mawu akuti, “Ntchito za chifundo zikupitirira.” China chinali uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita. China anajambula akulankhulana ndi mayi uja pa vidiyo, iye atakoleka dzanja pansalu.

Ndinavala magalasi. Pa uthenga uja, pamene panalembedwa ndalama zotsala mu akaunti yawo anapakapo utoto wakuda bii, mobwerezabwereza, moti palibe chimene chinkaoneka. Koma nambala ya azakhali ndi dzina lawo lonse zinali poyera. Nkhope ya mayiyo anangoidutsitsa kamodzi cholembera chachikasu, chija choonekera mkati chimene ana asukulu amachongera mawu. Maso ndi mpata wa m'mano zinkaoneka ngati munthu waima kuseri kwa neti.

Ndinapalasa njinga kupita kwawo. Ndinawapeza pansi pa mango, akuwerenga mayamiko amene anthu ankalemba.

“Bambo, chotsani zithunzi zija. Mlongo wa mwamuna uja ali pagulu lomwelo.”

“Aa, akulu, nkhope ndaphimba. Simunaone chikasu?”

“Ine wa magalasi ndamuzindikira. Nanga dzina la azakhali?”

“Ndikafufuta dzina anthu adziwa bwanji kuti ndinatumizadi? Anena kuti ndadya.”

“Pamene pali zanu munadziwa kupaka zakuda.”

Anaseka, n'kundimenya paphewa. “Zimenezo n'za m'thumba mwanga, akulu. Mukufuna parishi yonse ibwere kudzandipempha feteleza?”

Apo m'pamene ndinawaona bwino. Sikuti sankadziwa kuphimba. Ankadziwa kuti utoto wakuda umabisa ndipo wachikasu subisa, ankadziwanso kudula chithunzi n'kusiya mbali yofunika yokha. Anasankha yekha woyenera kubisidwa, ndipo anadzisankha iwo eni.

Ndinakhala pampando osanyamuka mpaka anachotsa zithunzizo kwa onse, akung'ung'udza kuti mayamiko atayika. Koma kuchotsa sikubweza chimene wina wasunga kale kapena watumiza kwina. Masana omwewo mwamuna uja anaimbira azakhali pa nambala yomwe ija, akuwatchula dzina, n'kunena kuti sukulu imene amaphunzitsa akuidziwa ndipo mawa afika.

Azakhali sanadikire mawa. Madzulo asanafike anakweza mayiyo ndi ana pa njinga yamoto kupita ku boma, n'kuwaika mu minibasi ya ku Chipata. Kumene anakatsikira sindikudziwa. Sindinafunse, ndipo ndinapempha kuti asandiuze. Mwana wamkulu anali atangoyamba kumene sukulu ku Pembamoyo, ndipo mayiyo anali atapatsidwa kadimba koti azilima dzanja likapola. Zonse anazisiya. Mwamuna uja anafikadi, anatukwana azakhali pamaso pa ana asukulu, n'kubwerera chimanjamanja.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, a tcheyamani anaima pakhomo n'kumauza anthu kuti mafoni a masiku ano ndi oopsa, tiziwasamala. Ananena ndi nkhope yachisoni ngati yopita nayo kumaliro. Amayi ena anagwedeza mitu kuvomereza. Anandipatsa dzanja ndipo ndinalilandira, chifukwa tinali titangochoka ku Ukaristia.

Ndimawapemphererabe monga ndimapempherera wina aliyense, ngakhale dzina lawo limandilemera pakamwa. Pachisankho anapambana. Mayi uja sanaimbirenso munthu aliyense wa mu mphakati wathu, ndipo azakhali ake anasintha nambala.