Tiya Teodora ndi Madzi a Katemera wa Chikuku

Tiya Teodora ndinawadziwa chaka chatha, ndili ndi pakati pa Leonel. Ndinakhala masabata atatu m'nyumba ya chidikiro pa chipatala chathu chaching'ono. Mwana wanga woyamba, Anita, anali atamwalira ndi chikuku ali ndi miyezi isanu ndi itatu, kutatsala mwezi umodzi kuti abayidwe katemera wake. Kuyambira pamenepo sindiyankhulayankhula. Ndimangoyang'ana zimene anthu akuchita.

Tiyawo, kapena kuti azakhali, si enfermera, si namwino ayi. Ntchito yawo ndi kukolopa, kutunga madzi ndi kutentha zinyalala kuseri kwa chipatala. Anabadwira konkuno, nathawira ku Zambia nthawi ya nkhondo ali mtsikana, ndipo kumsasa wa othawa kwawo ndi kumene anayamba kusenza mabokosi a katemera pamutu. Anabwerako ndi mwamuna ndi ana awiri. Mwamunayo anapita kokumba golide kufupi ndi Fíngoè, sanabwererenso. Sukulu sanapite. Manambala amawazindikira, koma mawu olembedwa ayi. Botolo lililonse amalidziwa ndi maonekedwe ake, kukula kwake ndi mtundu wa chotsekera.

Tsiku limene brigada, gulu lobaya katemera, ikupita kumidzi, ndinkakhala pakhonde m'mamawa n'kumaonerera akulongedza. Tiya ankayamba ndi kutulutsa mu jeleira, firiji ya katemera, zipulasitiki zafulati za madzi oundana, n'kuziyala patebulo. Sankaziika mu kasha yozizira, bokosi lonyamulira katemera, mpaka zitachita thukuta. Ankagwedeza chilichonse pafupi ndi khutu, ndipo akamva madzi akuyenda mkati, ndiye kuti chakonzeka. Ndinawafunsa chifukwa chake.

"Katemera wina amafa ndi dzuwa, wina amafa ndi chisanu, mwanangu," anatero. "Ukamugoneka pa mwala wouma gwa, wamupha. Ubaya mwana madzi chabe."

Kenako ankayala chitenje cha kapulana pansi, a enfermera Edite n'kuima ndi lista m'manja. Iwo akawerenga, Tiya ankanyamula chinthucho m'mwamba n'kuyankha kuti "chilipo," a Edite n'kuchonga. Kasha ziwiri, iliyonse ndi siponji yake yapamwamba ndi choyezera kuzizira. Maseringa obayira, amene amadzitseka okha ukabaya kamodzi, ndi ena akuluakulu osakanizira. Katoni yachikasu yotayamo singano. Thonje, sopo, sikelo ndi kabudula wake wopachikira mwana, tepi yoyezera mkono. Vitamini A wabuluu ndi wofiira, ndi sizasi yodulira nsonga yake, imene Tiya ankaimangirira chingwe chifukwa inasowapo kawiri. Mankhwala a njoka zam'mimba, makadi atsopano, buku lalikulu, zolembera ziwiri. Mabotolo a katemera ankatuluka komalizira, kuchokera mu jeleira molunjika kulowa mu kasha.

Katemera wa chikuku amabwera ngati ufa, m'kabotolo kakuda kokwanira ana khumi. Ali ndi madzi akeake osungunulira, amene iwo amawatcha dilwente. Tiya ankanyamula ziwirizo pamodzi, ufa dzanja ili, madzi dzanja linalo. Ankati zaka makumi awiri sanasiyepo chimodzi.

Leonel anakwanitsa miyezi isanu ndi inayi mu Novembala, mvula itagwa kale kawiri. Kumudzi wa kutsidya kwa dambo kunali ana atatu otuluka zidzolo, maso ofiira. Ine ndinasiya kupita kutchalitchi ndi kuchigayo. Kuchipatala ndi ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, ndipo ndinkaopa kukakhala pabenchi limodzi ndi ana odwala. Ndinadikira brigada.

Inafika Lachinayi cha m'ma naini, pa mota ziwiri, njinga zamoto. A Edite anali pa ina, Tiya atakwezedwa kumbuyo kwa a Arsénio, amene amayendetsa mota komanso kuyeza ana pa sikelo. Anaika tebulo pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu, kasha pamthunzi. Ana a katemera wa chikuku tinali nawo khumi ndi asanu ndi anayi. Ine ndinaima pafupi, kadi m'manja.

A Edite anatulutsa kabotolo ka ufa, nayang'ana kachizindikiro ka pachotsekera kamene kamada katemera akapsa ndi kutentha. Kanali koyera. Anatenga ka madzi, nawerenga. Anawerenganso ka ufa. Anatulutsa tina tiwiri ta madzi, nawerenga, n'kubwezera zonse mu kasha, natseka.

"Tiya, madzi awa munawatenga pati?"

"Mu jeleira, senyora. Pamalo pake."

"Nanga amene anabwera ndi katemera watsopano sabata yatha?"

"Katoni ija ndinaiika pamwamba pa kabati. Ndimati tiyambe tamaliza akalewa."

A Edite anatiuza tonse kuti katemera amene anachokera ku Fíngoè ulendo uno ndi wa fakitale ina, ndipo madzi amene abwera nawo ndi otsala a fakitale yakale. Ufa uliwonse umasungunulidwa ndi madzi a amene anaupanga. Ena ayi.

"Madzi ndi madzi, senyora," anatero mana Argentina, oyandikana nane nyumba, mapasa awo ali wina kumsana wina kutsogolo. "Kodi atsopanowo ndi otsekemera? Anathiramo shuga?"

Amayi ena anaseka.

"Sindisakaniza, mayi," anatero a Edite.

"Ndiye tikuwiritsireni a pa mjigo? Mbaula ili pompano."

"Mukandiwiritsira ndimwa tiyi. M'thupi la mwana sindiikamo."

"Tayenda kuyambira tambala woyamba kuti tidzaone gogo wosadziwa kuwerenga akusewera ndi ana athu!" anakuwa mana Argentina.

Tiya anali ataima ndi katoni yachikasu m'manja, asanamalize kuipinda. A Edite ndi amene anati, "Lista ikuti dilwente atatu. Anandionetsa atatu. Amene ndinachonga osawerenga botolo ndine."

Ine sindinamve kukwiya. Sindinamvenso kalikonse. Ndinangoona kuti Leonel akuyamwa ngodya ya kadi, ndipo ndinamulanda.

Foni sigwira kwathu pokhapokha ukakwera phiri, ndipo ngakhale ikanagwira, kuchipatala kunalibe mota ina. A Edite analemba dzina la fakitale papepala kuti mnzawo amene anatsala kumeneko akawerenge yekha asanapereke. A Arsénio anati apita okha, ndi zachangu.

"Kiyi wa sitolo ya mankhwala ali m'chiuno mwanga," Tiya anatero. "Ndipo inu a Arsénio madziwo mukawaika m'thumba la buluku afike otentha ngati phala."

A Arsénio anati, "Tiya, msana wanu wovuta uja? Maola awiri ndi theka kupita kokha."

"Msana ndi wanga. Lizani chinthu chanucho."

Anapita. A Edite anatsala okha, akubaya katemera wina yense amene analipo, kudontheza wa poliyo, kudula vitamini, kulemba m'buku. Mphunzitsi wina anawathandiza sikelo. Kasha ya katemera wa chikuku sanaitsegulenso. Mthunzi ukasuntha, ankaikoka.

Dzuwa litafika paliwombo, anthu anayamba kuchoka. Inali nthawi yobzala, ndipo ena anasiya ana aang'ono kunyumba. Kumadzulo kunayamba kuda mitambo. Mana Argentina anamanga mapasa awo.

"Zélia, tiye. Mvula ikagwa kumtunda, mtsinje uja sawoloka. Ugona pano?"

"Ndidikira."

"Abweranso mwezi wamawa."

"Sabwera, mana. Msewu ukatsekeka ndi mpaka Malichi."

"Iwe ndiye mantha ako aja," anatero, koma osati mwaukali. Amadziwa za Anita, anasambitsa nawo thupi lake. Anandisiyira mango awiri n'kumapita.

Tinatsala amayi asanu. Ndinakhala moyang'ana kasha ija, yabuluu, yokhala ndi lamba wakuda wosokedwa ndi ulusi wa thumba. Ndinkadziwa kuti mkati madzi oundana aja akusungunuka pang'onopang'ono. Ndinawerenga nyerere pa mwendo wa tebulo. Leonel anagona, nadzuka, nagonanso. Kawiri ndinamugwira pamphumi. Sanali wotentha.

Mota inamveka itadutsa folo koloko. Onse awiri anali matope mpaka m'mawondo, chifukwa pamtsinje anachita kuikankha. Tiya anali atapsa ndi paipi ya utsi pa katumba, khungu litasupuka, koma anatsika atakumbatira kasha yaing'ono pachifuwa. Anali ataikamo zipulasitiki zina zozizira kuti madziwo azizire m'njira, popeza ofunda sasakanizidwa ndi ufa. Anaipereka kwa a Edite ndi manja awiri.

"Werengani, senyora. Mokweza."

A Edite anawerenga dzina pa ka madzi, nawerenga pa ka ufa. Linali limodzi. Anayang'ana tsiku lothera ntchito, choyezera kuzizira ndi kachizindikiro kaja. Kanali kadakali koyera. Mayi wina anafunsa ngati angatsegule botolo la ana khumi chifukwa cha asanu okha.

"Ngakhale akanakhala mmodzi," anatero a Edite. "Wotsalayo titaya. Akasungunuka sapitirira maola sikisi."

Anakoka madziwo ndi seringa yaikulu, nathira mu ufa, nagwedeza pang'ono, n'kukhazika kabotoloko m'kamng'alu ka siponji. Leonel anali wachiwiri. Tiya ndi amene anamugwira mkono. Analira pang'ono. Seringa inagwera m'katoni yachikasu. A Edite analemba tsiku pa kadi, nandiuza kuti thupi likhoza kutentha pakatha sabata, ndisadabwe, komanso kuti katemerayu amayamba kuteteza pakapita masabata awiri kapena atatu. Katemera wachiwiri adzabayidwa akakwanitsa chaka ndi theka.

Ndinkaganiza kuti ndilira kapena ndiseka. Ndinangoti zikomo. Tiya anali atayamba kale kuwerenga zinthu zobwerera nazo, chimodzichimodzi, akutsimphina. Amene anawamanga bala lija ndi a Arsénio, akuwanena kuti ndi nkhalamba yosamva.

Mvula inagwa mawa lake, ndipo msewu unatsekeka. Ndinamusunga Leonel pakhomo masabata atatu enanso. Tsiku lachisanu ndi chitatu chibayidwire anatentha thupi, masiku awiri, kenako kunatha. Chikuku chinawoloka dambo mu Disembala, chinalowa nyumba zinayi. Mapasa a mana Argentina anadwala onse. Anachira, koma mmodzi diso lake lamanzere lachita mtambo. Ndimawatungira madzi n'kuwasiyira panja. Za tsiku lija sitinakambiranepo.

Leonel sanadwale. Tsopano akuyenda chogwira khoma.

Tiya Teodora akadali pa ntchito yawo. Ndinamva kwa a Arsénio kuti lista ija anaiwonjezera mzere ndi cholembera, wa dzina la fakitale, ndipo Tiya sakuvomeranso kuti "chilipo" mpaka wina atawerenga botolo m'manja mwawo. Chaka chamawa akupuma ntchito. Akuti akufuna kukakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Chiputo, azikaweta mbuzi.