Chingerezi cha akapitawo athu

Migodi itayamba kugulitsidwa, kampani yathu yokonza mapampu ku Kitwe inagulidwanso, ndipo likulu linasamukira ku Ndola. Eni atsopano analamula kuti uthenga uliwonse uzipita m'Chingerezi cha mu ofesi. Ine ndinali wotayipa, choncho ntchito yokonza mauthenga inagwera ine.

Ambiri ankachokera kwa akapitawo a ku wekishopu, bambo a ku Chipata amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi ku Kwacha. Ankalemba mmene ankalankhulira, Chinyanja chosakaniza ndi Chingerezi, pa kapepala kothimbirira ndi girizi. Ine ndinkaika tsiku ndi mutu wa nkhani, kenako vuto, kenako pempho, iwo n'kusaina, ine n'kutumiza pa fakisi.

Mawu a zitsulo sankandivuta kwenikweni. Chovuta chinali ulemu wawo. Nthawi ina likulu linafunsa ngati angathe kukonza mapampu a mgodi wina mwezi usanathe. Iwo anayankha kuti, "Tamva bwana, tizaona. Ma beyaring'i kulibe, mwina mungatiganizireko."

Ndinawatsatira ku wekishopu.

"Bambo, tizaona ameneyu ndi inde kapena ayi?"

"Iwe mwana wanga, bwana samukanira pamaso."

"Ndikalemba mmene mwalembera, ku Ndola amva kuti mwavomera."

Anapukuta manja pa ovolosi, n'kuganiza kaye. "Lemba kuti sizingatheke popanda ma beyaring'i. Koma ulembe mwaulemu."

Ndinalemba kuti tikupepesa, ntchitoyo singathe pa nthawiyo pokhapokha zipangizo zitafika, ndipo ndinatchula mtundu wake monga anandiuzira. Nditawawerengera anaseka mpaka kugwira khoma. "Ndine ameneyo?"

Zipangizo zinabwera, ntchito inatheka. Kuyambira pamenepo ankabwera okha pa tebulo langa, n'kumandiuza kuti apa ndikupempha, apa ndikukana.

Patapita miyezi, likulu linawaitana ku msonkhano. Akuluakulu ankafuna kumva kwa mwini malipoti omveka bwino aja. Anabwera kwa ine nkhope itagwa.

"Wandiika m'mavuto. Chizungu chako nizachipeza kuti?"

"Maganizo onse aja anali anu, bambo. Tipite limodzi, ine ndikalembe zokambirana."

Tinakwera minibasi, iwo atavala jekete la ku Misa. Mu msonkhano anayamba ndi Chingerezi, chinawathera pakati, n'kupitiriza mmene amalankhulira ku wekishopu, Chibemba chikulowamonso. Injiniya wina wa ku Katete anawayankha m'Chinyanja, ndipo anthu onse anamasuka. Mzungu mmodzi yekha ndiye ankayang'ana kwa ine, ndipo ndinkamumasulira chapansipansi.

Pobwerera anandigulira chimanga chootcha pa siteshoni. Tinadya m'minibasi, iwo akundifotokozera za munda umene anagula kwawo, woti akalime akapuma ntchito. Mawa lake ndinatayipa zokambirana zonse m'Chingerezi, iwo anasaina, ndipo tinagwira ntchito limodzi mpaka anapita kukalima.