Ulendo wa Malizani pa nambala yolakwika

Mayi Edda, telala wa ku Berea mumzinda wa Durban, pakamwa pawo sipapuma akakhala pa mashini, koma akangokwera takisi amasanduka osalankhula. Foni ikalira amaithimitsa, kuopa kuti Chichewa chingawagulitse kwa anthu odana ndi alendo. Komabe Amalawi a m'fulati yawo amawakhulupirira kwabasi. N'chifukwa chake Malizani, wogwira ntchito m'dimba ku Glenwood, atamwalira, zopereka zonse anasunga ndi iwo, zoti alipire a Fyson, dalaivala wonyamula maliro kupita kumudzi.

Tsono ife a kuno timasintha manambala ngati malaya. M'foni mwa mayi Edda munali "Fyson", "Fyson watsopano" ndi "Fyson weniweni". Iwo anatumiza ndalamazo kwa woyambayo, nambala imene kampani ya mafoni inapatsa kale munthu wina.

M'mawa a Fyson anaimba. "Mayi, sindinalandire kanthu. Mawa ndikunyamuka, ndipo bokosi silikwera ulere."

Mayi Edda anathamangira kubanki mtima uli m'mwamba. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana pakompyuta n'kupukusa mutu.

"Zikanakhala kuti sizinakhudzidwe, tikanazibweza, inu n'kulipira kangachepe. Koma mwini nambalayo watapa kale pa makina. Sitingamukakamize. Muimbireni, mwina angamve chisoni."

Eish, kuimbira mlendo ndi ChiZulu chawo chothyokathyokacho! Anachita mantha, koma anaimba. Anayankha mwamuna wa mawu okhuthala, kumbuyo kukumveka mahutala a magalimoto. Anati ndi Ngcobo, woyendetsa takisi ya ku Pinetown.

"Yebo, ndatapa," anatero. "Ndimayesa ndi mwayi wanga. Kodi inu, ndi kalankhulidwe kameneko, kwanu n'kuti?"

Bodza linali pafupi, koma analimeza. "Ku Malawi, bambo. Ndi za maliro. Tikufuna mnzathu akagone kwawo."

Foni inaduka. Mayi Edda anakhala pakhonde la banki, misozi ili chuchuchu, akuganiza zokauza anamfedwa. Patapita kanthawi foni inalira, a Ngcobo aja.

"Ndimatsitsa anthu. Muli pa banki iti?"

Takisi inafika yopanda munthu, nthawi imene anzake amalimbirana makasitomala. A Ngcobo anatsika, navula chipewa, n'kupereka ndalamazo ndi manja awiri, zonse osachotsapo.

"Bambo anga anafera ku migodi," anatero. "Panalibe wowabweretsa, ndipo manda awo sitiwadziwa. Womwalirayo dzina ndani?"

"Malizani."

"Apite kwawo Malizani. Kwerani ndikusiyeni kwa dalaivala wanuyo."

Mayi Edda anagwira pakamwa. Mpaka lero akamafotokoza nkhaniyi amaimitsa mashini, ndipo amanena motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi.

Ali m'njira foni inalira, a Fyson. Chala chinapita chokha pothimitsa.

"Yankhani, mama," anatero a Ngcobo.

Ndipo anayankha mokweza, m'Chichewa, m'kati mwa takisi ya ku Durban: "A Fyson, konzani galimoto. Malizani akupita kwawo."