Timizere ta Mayi Dorcas Mbewe

Mayi Dorcas Mbewe anaphunzitsa kusukulu ya pulayimale ya kufupi ndi Mkaika zaka makumi awiri, akuyimbitsanso kwaya kutchalitchi. Tsopano amalemba mauthenga otsatsa malonda ndi zidziwitso pawailesi ina ya ku Katete. Ena amati imeneyi ndi ntchito yochepa. Ine ndimatsutsa, chifukwa cha zimene ndinaona Lachisanu lina m'mawa.

A Aroni Sakala, wapampando wa oweta ng'ombe a ku Sinda, anabwera ndi pepala lolengeza katemera wa mawa lake. Matenda anali atapha kale ng'ombe m'makola atatu. Mpata wotsala unali umodzi wokha: masekondi makumi atatu nkhani za masana zisanayambe.

Pepalalo linayamba ndi kulonjera mafumu, makhansala, abusa ndi komiti yonse, aliyense ndi udindo wake. Tsiku ndi malo zinali kumapeto. Valentino, woulutsa mawu, analiwerenga mothamanga, mpweya n'kumuthera pakati pa chiganizo.

"Masekondi makumi asanu ndi awiri," anatero Mayi Mbewe. "Maina achoke, bambo."

"Mukufuna akanditukwane kumudzi? Mnyamatayu angofulumira!"

"Ndine munthu, bambo, si njinga yamoto," anayankha Valentino.

Kunatsala mphindi khumi ndi zisanu. Mayi Mbewe anapereka pepalalo kwa mwini wake natchera wotchi ya pafoni kuti ilire pakatha masekondi makumi atatu. "Werengani nokha." Wotchi inalira a Sakala akadali pa dzina la msungichuma, akupumira m'mwamba.

"Apa m'pamene nkhani ziyambire," anatero Mayi Mbewe. "Woweta wamva chiyani? Tsopano ndine mnansi wanu, ndili panjinga. Ndiuzeni ndisanadutse."

A Sakala anazengereza, kenaka anakuwa: "Odi, eni ng'ombe! Katemera ndi mawa. Kudipi ya ku Sinda. Mulawire!"

Mayi Mbewe analemba momwemo. Pamene a Sakala anapuma anaikapo kamzere kamodzi, monga ankachitira panyimbo za kwaya; pambuyo pa "mawa" anaika tiwiri, kuti tsikulo likhazikike m'khutu. Anaonjezera zakuti katemerayo ndi waulere, nabwereza tsiku ndi malo kumapeto. Anawerenga mokweza, nasintha chiganizo chimodzi chimene chinkakola lilime. Mawu onse sanafike makumi asanu.

Valentino anajambula osathamanga: masekondi makumi awiri ndi asanu ndi atatu.

"Nanga mafumu aja?" anafunsa a Sakala, mawu ali pansi.

"Nawonso ndi eni ng'ombe. Mwawalonjera."

Uthengawo unamveka wonse nkhani zisanayambe. Pasanathe mphindi, foni ya a Sakala inalira. Ataona kuti ndi mmodzi wa mafumu amene maina awo anachotsedwa, anaimirira, navula chipewa, nayankha.

"Inde, mfumu. Mawa ndithu. Zonse zisanu ndi ziwiri mubwere nazo."

Mayi Mbewe anali atatenga kale pepala lina, akuliwerenga monong'ona.